Kabaza, minibasi kapena ndigule galimoto? Masamu a ulendo wa ku ntchito ku Nchalo

Funso: Ndimagwira ntchito ku Nchalo koma ndimakhala mbali ya ku Chikwawa, makilomita 15 kuchokera ku ofesi. Makilomita 3 ndi msewu wafumbi, 12 otsalawo ndi tala wa M1. Kabaza wokandisiya kumsewu ndi K1,500, minibasi K2,500, ndipo ndikakwera njinga yamoto ulendo wonse ndimalipira K6,000. Ndatopa ndi kuchedwa ku ntchito. Wina akugulitsa Passo pa K15 miliyoni. Ndili ndi K5 miliyoni, yotsalayo banki ikuti indikongoza pa 30 peresenti kwa zaka zitatu. Ndimalandira K850,000 pamwezi. Kodi ndigule? (Mayi wa ku Chikwawa)

Yankho: Mayi, galimoto imeneyo musagule, makamaka ndi ngongole imeneyo. Ndikuonetsani chifukwa chake ndi manambala anu omwe, kenako tione chimene chikukuchedwetsani, chifukwa chimenecho chili ndi mankhwala otsika mtengo kwambiri kuposa K15 miliyoni.

Tiyambe ndi zimene mukuwononga panopa. Mwezi uli ndi masiku ogwira ntchito pafupifupi 22. Mukaphatikiza kabaza ndi minibasi, ulendo umodzi ndi K4,000, kupita ndi kubwera K8,000, pamwezi K176,000. Mukamakwera njinga yamoto kuyambira pakhomo mpaka ku ofesi, m'mawa ndi madzulo, tsiku ndi K12,000, pamwezi K264,000. Manambala awiriwa muwasunge, ndiwo tiyezere galimoto.

Galimoto idzayenda makilomita 30 patsiku, 660 pamwezi. Wogulitsa akuuzani kuti Passo imamwa mafuta ngati njinga, mwina atchula makilomita 18 kapena 20 pa lita. Galimoto yakale, yoyenda ndi eyakoni m'kutentha kwa kuno, yodutsa m'fumbi ndi m'mabampu, yoyenda maulendo afupiafupi, ine ndimaiwerengera makilomita 13 pa lita. Ndiye kuti malita 51 pamwezi. Mtengo wa petulo umasinthasintha, choncho ndiika lita pa K5,000 kuti masamu aphweke, inu muikepo mtengo wa tsiku limene mukuwerenga. Malita 51 ndi K255,000. Taonani: mafuta okha, musanagule tayala ngakhale limodzi, akufanana ndi kukwera kabaza pakhomo mpaka pakhomo mwezi wathunthu. Ndipo apa ndawerengera za ku ntchito zokha. Galimoto ikakhala pakhomo sisowa kopita. Kuli maliro kumudzi, kuli wodwala wofunika kuthamangira naye ku chipatala usiku, kuli kutchalitchi, ndipo abale sakufunsani kuti thanki ili pati.

Chachiwiri ndi chisamaliro. Oyilo ndi mafyuluta zimasinthidwa pa makilomita 5,000 aliwonse, ndipo m'fumbi lathu fyuluta ya mpweya imatsekeka nthawiyo isanakwane. Makilomita 3 afumbi aja, kawiri patsiku, adzadya mashoko ndi mabushi. Batire silikhalitsa kumalo otentha. Pali matayala, mabuleki, inshuwalansi ya chaka ndi chaka, ndi COF, chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Zinthu zimenezi sizibwera mwezi uliwonse, n'chifukwa chake anthu amaziiwala, koma zikabwera zimabwera ziwiri kapena zitatu pamodzi. Pa galimoto yogula kwa munthu, ndimalangiza kupatula theka la ndalama ya mafuta mwezi ndi mwezi. Kwa inu ndi pafupifupi K130,000. Galimoto yafika pa K385,000 pamwezi, ngakhale akanakupatsani yaulere.

Tsopano ngongole. K10 miliyoni pa 30 peresenti pachaka, yobweza m'miyezi 36, imatuluka pafupifupi K425,000 pamwezi. Pomaliza mudzakhala mutabweza K15.3 miliyoni, kutanthauza kuti chiwongoladzanja chokha chaposa K5 miliyoni imene muli nayo m'manjayo. Izi ndi pamene banki ikuwerengera chiwongoladzanja pa ndalama yotsala. Afunseni bwino, chifukwa obwereketsa ena amawerengera pa ndalama yonse kwa zaka zonse zitatu, ndipo pamenepo mwezi umakwera kufika pafupifupi K528,000. Afunseninso ngati 30 peresentiyo ndi yokhazikika kapena imayenda ndi chiwongoladzanja cha Banki Yaikulu, komanso ngati akufuna inshuwalansi yoteteza galimoto yonse, imene ndi yodula kwambiri kuposa yongoteteza anthu ena pamsewu.

Tikaphatikiza K255,000, K130,000 ndi K425,000 tikupeza K810,000. Malipiro anu ndi K850,000. Mutsala ndi K40,000 ya chakudya, nyumba, magetsi ndi sukulu ya ana.

Alipo amene akuuzeni kuti galimoto ku Malawi situluka mtengo, mukaigula K15 miliyoni lero mudzaigulitsa K18 miliyoni. Pa manambala akunena zoona ndithu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya magalimoto akale inakwera. Koma K18 miliyoni ya tsiku limenelo sidzagula galimoto yofanana ndi imene munagula, ndipo zipangizo zosinthira, zimene zonse zimachokera kunja, zimakwera limodzi ndi dola. Ena adzati muzinyamula anzanu a ku ntchito azikuthandizani mafuta. Anthu atatu olipira K5,000 aliyense patsiku angabweretse K330,000 pamwezi, ndipo mafuta angatuluke. Vuto ndi lakuti kunyamula anthu olipira kumafuna chilolezo chake ndi inshuwalansi yake, monga magalimoto a nambala zofiira aja. Inshuwalansi ya galimoto ya pakhomo ikhoza kukana kulipira ngozi ikachitika muli ndi anthu olipitsa. Komanso tsiku limene mwadwala kapena muli pa tchuthi, anthu atatu aja akudikirani pamsewu.

Pali chinanso chimene anthu a kumtunda sachiganizira. Passo ndi galimoto yotsika mimba. Mvula ikagwa, dothi la makande limaterera ndi kumata, ndipo timitsinje touma chaka chonse timadzaza mwadzidzidzi ngakhale mvula yagwa kumapiri osati pano. Galimoto yaing'ono ikalowa m'madzi ofika pakati pa chitseko, madzi amalowera polowera mpweya n'kukafika mu injini. Madzi sapanikizika ngati mpweya, choncho zitsulo za mkati zimapindika, ndipo pamenepo nkhani ndi kugula injini ina. Ndiye kuti m'miyezi ya Januwale mpaka Malichi, pamene mukuifuna kwambiri, galimotoyo mwina idzakhala pakhomo inu mukufunafuna kabaza, ngongole ikudulidwa ndithu. Namondwe Ana atadula M1 m'malo angapo ku Chikwawa mu Januwale 2022, ndiponso nthawi ya Freddy mu Malichi 2023, mwini galimoto ndi woyenda pansi anali chimodzimodzi. Njinga ndi imene anthu amatha kuikankha kapena kuinyamula n'kuolotsa.

Tibwere ku chimene chakutopetsani. Mukuchedwa chifukwa m'mawa mukuyenda mosemphana ndi anthu. M'bandakucha anthu ambiri a m'chigwa amakhala akukwera kupita ku Blantyre, kukaoda katundu, ku chipatala cha Gulupu, ku maofesi. Minibasi zochokera ku Nsanje, Bangula ndi Ngabu zimadutsa molawirira zikulowera kumpoto. Inu mukufuna yolowera kummwera. Imeneyo iyambe yadzaza ku Blantyre, itsike phiri mpaka pa Thabwa, iwoloke Shire pa mlatho wa Kamuzu, iime pa Dyeratu kutsitsa ndi kudikira ena, kenako ndiye ifike pamene mwaima. Ikafika yodzaza imangodutsa. Ikakhala ndi mpando umodzi, kondakitala amasankha wopita ku Bangula kusiyana ndi inu wa makilomita 12. Ulendo wa pa talawo ndi wa mphindi 15 kapena 20 basi. Nthawi yanu ikuthera poima pamsewu.

Chitani ichi kwa masabata awiri. Lembani m'kabuku nthawi imene mwafika pamsewu, nthawi imene mwakwera, ndi mtundu wa galimoto imene yakutengani. Kawirikawiri mudzapeza kuti pali minibasi kapena Sienta imodzi kapena ziwiri zogona chakuno, zimene zimadutsa nthawi yofanana tsiku lililonse. Tengani nambala ya dalaivala kapena kondakitala. Munthu wokwera tsiku ndi tsiku ndi ndalama yodalirika kwa iwo, ndipo ambiri amasunga mpando mukawaimbira akunyamuka. Mukapeza kuti galimoto yoteroyo imadutsa 6:30 ndipo inu mwakhala mukufika pamsewu 6:45, vuto lanu lonse linali mphindi 15. Sienta imadzaza msanga kuposa minibasi chifukwa mipando ndi yochepa, koma madalaivala ena amapanikiza anthu mpaka kukhala awiri pampando wakutsogolo. Yotereyo isiyeni ipite, dikirani ina.

Mukaona kuti m'mawa mulibe galimoto yodalirika, gawani tsikulo pawiri. M'mawa kwerani kabaza ulendo wonse, K6,000. Madzulo kwerani minibasi kenako kabaza, K4,000. Tsiku ndi K10,000, mwezi K220,000. Kusiyana kwake ndi zimene mukulipira panopa ndi K44,000 yokha, ndipo kuchedwa kwatha. Kuti muone ngati K2,000 yoonjezera m'mawayo ndi yoyenera, gawani malipiro anu ndi maola ogwira ntchito pamwezi: K850,000 pa maola 176 ndi pafupifupi K4,800 pa ola. Ngati njinga ikukupulumutsirani mphindi 40, yakubwezerani nthawi ya K3,200 pa K2,000. Madzulo simuthamangira bwana aliyense, ndipo pa Nchalo ndi pa siteji yaikulu pamene anthu ambiri amatsika, choncho mpando suvuta ngati m'mawa.

Chifukwa chachikulu chimene ndaikira njinga m'mawa osati madzulo si ndalama. Pa M1 nthawi yoopsa kwa njinga yamoto ndi chisisira. Ng'ombe ndi mbuzi zikubwerera kukhola n'kumadutsa msewu, njinga zakapalasa zopanda nyali zadzaza m'mphepete, ngolo za ng'ombe zilibe chowala kumbuyo, malole akuluakulu akudutsa, ndipo m'nyengo yodula nzimbe mathirakitala ndi magalimoto a katundu amachuluka kufupi ndi Nchalo. Mu Juni dzuwa limalowa isanakwane 5:30, ndiye mukaweruka 5 koloko mdima ukupezani panjira. Onjezani kuti woyendetsa wakhala padzuwa tsiku lonse, watopa, mwinanso walawako kachasu. Minibasi nayo imachita ngozi, sindikukana, koma mu minibasi muli chitsulo pakati pa inu ndi tala. Pa njinga, chogunda pansi ndi thupi lanu.

Popeza njinga muziikwera tsiku lililonse, musamangokwera aliyense amene wayamba kukuimikirani. Sankhani munthu mmodzi, ndi wina wachiwiri womudalira tsiku limene woyambayo wasowa. Yang'anani ngati njinga ili ndi nambala. Njinga zambiri za kabaza zimayenda zosalembetsa, zopanda inshuwalansi, oyendetsa opanda laisensi, ndipo mukavulala pa njinga yotero palibe kampani yokalipira chipatala kapena chipukutamisozi. Mufunseni akuonetseni laisensi ndi pepala la inshuwalansi. Woyendetsa wolongosoka sakwiya ndi funso limeneli akadziwa kuti mukumupatsa ntchito ya mwezi ndi mwezi. Onani magalasi oonera kumbuyo ngati alipo onse awiri, chifukwa anyamata ambiri amawachotsa. Onani matayala ngati akadali ndi mizere, tcheni ngati sichikulendewera, nyali yakumbuyo ngati ikuyaka akaponda buleki. Muuzeni agwire buleki yakutsogolo inu mukankhe njingayo. Ikayenda, buleki imeneyo ndi yakufa, ndipo munthuyo akuyenda ndi yakumbuyo yokha.

Pa mgwirizano, nenani zinthu zitatu poyera: nthawi yofika pakhomo, liwiro limene simukufuna apitirire pa tala, ndi kuti pa njingapo mukhala inu nokha, osaonjeza munthu wina kapena thumba la makala panjira. Mulipireni kumapeto kwa sabata, osati kumayambiriro kwa mwezi. Ndalama ya mwezi wathunthu ikaperekedwa patsogolo imatha sabata yoyamba, ndipo masabata otsalawo inu mumasanduka katundu waulere amene amabwera kudzamutenga akamaliza olipira pompopompo. Pemphani akuchotsereni pang'ono popeza ndinu wa tsiku ndi tsiku, koma musamufinye kwambiri. Ambiri njinga si yawo, ali ndi ndalama yoti akapereke kwa mwini wake tsiku lililonse, ndipo mukamufinya adzabweza ndalamayo pothamanga kuti apeze maulendo ambiri. Gwirizananinso kuti petulo akakwera mtengo mudzakhala pansi n'kuonanso, m'malo moti adzakudzidzimutseni m'mawa wina.

Gulani chipewa chanu choteteza mutu, chokukwanani bwino, chophimba chibwano, ndipo lamba wake muzimanga. Chija amabwereketsa oyendetsa nthawi zambiri n'chachikulu, lamba anaduka kale, ndipo chimavuka munthu asanafike pansi. Ndikudziwa kuti mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukapitirira madigiri 40, chipewa chimakhala chilango, komanso tsitsi limaphwanyika. Valani kansalu kopyapyala mkati. M'mawa sikunatenthe kwenikweni, chimene ndi chifukwa china choikira njinga nthawi imeneyo. Khalani motangadza njinga, osati cham'mbali, mapazi onse pa zopondera. Chitenje kapena siketi yaitali muipinde bwino, chifukwa nsalu ikakodwa m'tcheni kapena m'masipoko imakukokerani pansi. Pokwera ndi potsika dzerani kumanzere, chifukwa paipi ya utsi pa njinga zambiri ili kumanja ndipo imawotcha mwendo koopsa.

Pa nkhani ya kusowa kwa mafuta, monga tinaonera kumapeto kwa 2024 ndi mu 2025, palibe wopulumuka. Kabaza amakweza mtengo chifukwa akugula a m'zigubu, minibasi zimachepa. Kusiyana kwake n'kwakuti wokwera amalipira zoonjezera kwa masiku amenewo basi, pamene mwini galimoto amagona pa mzere yekha, kapena kuthira mafuta a m'zigubu amene ena amasakaniza ndi zina n'kuwononga pampu ndi injini. Pa K5 miliyoni yanuyo patulani K300,000 ikhale ya masiku otere ndi a mvula.

Mwina mukufunabe chanuchanu, chosadikira munthu. Pamenepo njinga yamoto yanu ndi imene ikugwirizana ndi thumba lanu. Njinga yaing'ono ya mtundu umene a kabaza amayendetsa imayenda makilomita pafupifupi 35 pa lita. Makilomita 660 ndi malita 19, K95,000 pa mtengo tayerekeza uja, ndipo amakaniko ake ndi zipangizo zake zili pa Nchalo pomwepo, pamene za Passo zambiri mpaka mukazifune ku Blantyre. Funsani mtengo wake, muone ngati ndalama muli nayoyo ikukwana popanda ngongole. Koma muphunzire kuyendetsa bwinobwino, mutenge laisensi ya njinga, muilembetse, muiikire inshuwalansi, ndipo dziwani kuti chisisira chija mudzakumana nacho nokha madzulo aliwonse. Muganizirenso poisunga usiku, chifukwa njinga zamoto zimabedwa kwambiri.

Galimoto ingadzakhale yoyenera zinthu zikasintha: ngati muli awiri olandira malipiro opita njira imodzi, ngati pali ana okasiya kusukulu panjira yomweyo, ngati mwayamba kugwira ntchito usiku pamene minibasi kulibe ndipo njinga ndi yoopsa, ndipo koposa zonse ngati mungaigule popanda ngongole kapena ndi ngongole yochepa. Muyezo wanga ndi wakuti zonse za ulendo, mafuta, chisamaliro ndi ngongole pamodzi, zisapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro. Kwa inu ndi K212,500. Njira yogawa tsiku ija, ya K220,000, yangopitirira malirewo pang'ono. Galimoto, ngakhale yopanda ngongole, ili pa K385,000. Tsikulo likadzafika, musadzagule galimoto mwaiyesa pa chigwa pokha. Kwerani nayo phiri kuchokera pa Thabwa masana, eyakoni ikugwira, muli ndi makaniko wanu osati wa wogulitsa. Rediyeta yotsekeka, giyabokosi yotha ndi injini yofooka zimabisala pa msewu wosalala wa kuno, koma paphiri paja muvi wa kutentha umakwera ndipo galimoto imalira osapita patsogolo. Potsika mudzadziwa za mabuleki. Kusintha umwini mukachitire limodzi ndi wogulitsa ku nthambi yoona za pamsewu musanamalize kulipira.

Funso limodzi simunandifunse, koma masamu akulibweretsa okha. Ngati nyumba imene mukukhalayo ndi ya lendi, fufuzani za nyumba pa Nchalo pomwepo, pamtunda woti mungayende wapansi kapena pa kabaza wakapalasa. Tauniyi ikukula ndipo lendi ikukwera, koma malire anu mukuwadziwa tsopano: nyumba imene lendi yake ikuposa ya panopa ndi ndalama yochepera K150,000 yakupindulitsani kale, ngakhale mutapatula kandalama ka kabaza wa m'tauni, ndipo M1 mwasiyana nayo. Musanapereke ndalama, funsani anthu oyandikana nayo, osati mwini nyumba, pamene madzi anafika mu 2022 ndi mu 2023, ndipo yang'anani mzere wa matope pa makoma. Ngati nyumbayo ndi yanu kapena ya banja, khalani pomwepo, Lolemba muyambe kulemba m'kabuku kaja nthawi za magalimoto, ndipo Loweruka lino mukagule chipewa.